Buku likuti njirayi ndi yochedwa, laputopu yanga ikuti ayi

"Bambo, ndine mtsikana wa chaka chachiwiri, ndikuphunzira sayansi ya makompyuta, ndimakhala ku Kawale. Lachinayi likubwerali ndiima kutsogolo kwa kalasi kwa mphindi 10 kufotokoza chifukwa chimene aligorizimu ina imapirira deta ikachuluka pomwe ina imagonja. Chitsanzo changa ndi kufufuza ngati nambala ya foni yalembedwa kawiri pa mndandanda. Ndalemba njira zitatu mu Python: kuyerekeza nambala iliyonse ndi zinzake zonse, kusanja kaye manambalawo, ndi kugwiritsa ntchito `set`. Pa manambala 200 zonse zikutha nthawi imodzi. Nditaika manambala 50,000 (ndinalemba 099 kenako madijiti 7 ochokera ku `random.randint`), njira yoyamba ija, imene buku likuti ndi O(n²), yatha sekondi isanakwane. Akunama ndani, buku kapena ine? Aphunzitsi athu safunsa monyengerera."

Mchemwali, mtima m'malo. Palibe akunama, ndipo zimene mwaonazo ndi zabwino kuposa mukanapeza zonse zikugwirizana ndi buku, chifukwa mwagunda miyala iwiri imene ambiri amaigunda tsiku lomwelo, pulojekita ikuyaka, kalasi ikuwayang'ana. Inu mwaigunda kudakali masiku.

Simunanditumizire kodi yanu, koma ndayang'ana ntchito za ophunzira zaka zambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti njira yanu yoyamba ikufanana ndi iyi:

```python
def njira1(a):
    for i in range(len(a)):
        for j in range(i):
            if a[i] == a[j]:
                return True
    return False
```

Tisanakhudze wotchi, tiwerenge ntchito ndi manja. Nambala yoyamba ilibe ina yoiyerekeza nayo. Yachiwiri imayerekezedwa ndi imodzi, yachitatu ndi ziwiri, mpaka yomaliza imene imayerekezedwa ndi zonse zimene zili patsogolo pake. Mukaphatikiza zonsezi mumapeza n(n-1)/2. Ndi masamu omwe aja a moni wa m'manja pa chinkhoswe. Anthu 10, aliyense akagwira dzanja la mnzake aliyense, ndi moni 45. Anthu 20 ndi moni 190. Anthu 40 ndi moni 780. Taonani bwino pamenepo: alendo angochuluka kawiri, koma moni wachuluka pafupifupi kanayi, chifukwa mlendo aliyense watsopano sabwera ndi moni umodzi, amabwera ndi moni wa aliyense amene wamupeza pabwalo. Ngati pali chiganizo chimodzi chimene kalasi yanu iyenera kutuluka nacho, ndi chimenechi: deta ikachuluka kawiri, ntchito imachuluka kangati? Funso la kukula kwa aligorizimu lonse lagona pamenepo, osati pa masekondi.

Tsopano manambala anu 200 aja. 200 kuchulukitsa ndi 199, kugawa ndi 2, ndi 19,900. Tiyerekeze kuti laputopu yanu imatha kuyerekeza manambala ka 10 miliyoni pa sekondi mu Python. Chiwerengerochi ndangochisankha kuti masamu aphweke, chanu chenicheni mudzachiyeza nokha, koma sichili kutali ndi zimene makina wamba amachita. Pa liwiro limeneli, ntchito ya 19,900 imatha mu magawo awiri a magawo 1,000 a sekondi. Diso silingaone zimenezo, ndipo ngati munasindikiza nthawi ndi madijiti awiri okha pambuyo pa kadontho, njira zonse zitatu zinakupatsani 0.00. Kuyesa maaligorizimu pa manambala 200 kuli ngati kufuna kudziwa mphamvu ya lole ndi ya kabaza powasenzetsa phukusi limodzi la shuga. Onse afika.

Pitirizani masamu omwewo mmwamba. Manambala 1,000 ndi kuyerekeza ka 499,500, sekondi sikwana n'komwe. Manambala 10,000 ndi pafupifupi ka 50 miliyoni, masekondi 5. Manambala 100,000 ndi pafupifupi ka 5 biliyoni, mphindi 8 ndi kanthu. Manambala 1,000,000 ndi pafupifupi ka 500 biliyoni, maola 14. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe muno muli anthu ochepera pang'ono 1 miliyoni, choncho mndandanda wa mzinda umodzi wokha ungadye tsiku lonse, ndipo mupemphere magetsi asazime pakati. Dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo pamenepo njira yoyambayi ingafune pafupifupi miyezi 6. Ine ndikanakhala inu, ndikanaika mizere isanu imeneyi pa silaidi imodzi popanda chokongoletsa china chilichonse, n'kuisiya kalasi iwerenge yokha.

Nanga bwanji 50,000 anu anatha msanga, pomwe masamu akuti amayenera kudya mphindi ziwiri? Yankho lili pa mzere wa `return True`. Pulogalamu yanu imaima ikangopeza nambala yoyamba yobwerezedwa, ndipo `random.randint` sakumbukira zimene watulutsa kale. Madijiti 7 amapereka manambala 10 miliyoni osiyana, ndiye munthu amaganiza kuti kubwereza kudzachedwa kwambiri. Sikuchedwa. Ndi nkhani yotchuka ija ya masiku obadwa: m'chipinda cha anthu 23 okha, mwayi woti awiri anabadwa tsiku limodzi la chaka umaposa theka, chifukwa chimene chimawerengedwa si anthu, ndi mapeya a anthu. Moni uja wabweranso. Pa manambala 10 miliyoni, kubwereza koyamba kumabwera, mwa avereji, mukatulutsa manambala pafupifupi 4,000. Choncho pulogalamu yanu inayenda manambala zikwi zochepa zoyambirira, inayerekeza ka 8 miliyoni kapena pafupi pamenepo, inapeza mapasa, n'kupuma. Enawo 46,000 sinawaone n'komwe. Mukanaika 500,000 nthawi ikanakhala yomweyo, ndipo galafu yanu ikanagona chagada ngati njirayi ndi yabwino koposa zonse.

Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuchiona: nthawi imasintha kwambiri mukabwereza mayeso ndi deta yatsopano, lero theka la sekondi, kenako masekondi awiri, koma siisamala kukula kwa mndandanda. Mankhwala ake ndi kupereka deta yopanda kubwereza kulikonse, kuti pulogalamu ikakamizike kuyenda ulendo wonse:

```python
import random, time
for n in (2000, 4000, 8000, 16000):
    a = random.sample(range(10**7), n)
    t = time.perf_counter()
    njira1(a)
    print(n, time.perf_counter() - t)
```

`random.sample` satulutsa chinthu kawiri. Mukayendetsa izi, musayang'ane masekondi enieniwo, gawani mzere uliwonse ndi wa pamwamba pake. Muyenera kupeza chiwerengero choyandikira 4 nthawi iliyonse: 3.8, 4.1, zotero. Chitani chimodzimodzi ndi njira ya kusanja, mupeza choposa 2 pang'ono, ndipo ya `set` ikhala pafupi ndi 2. Pa ziwiri zomalizazi yambirani pa 100,000 kupita mmwamba, apo ayi nthawi ichepa kwambiri moti phokoso la kompyuta lidzaposa zimene mukuyeza. Yesani katatu kapena kasanu pa n aliyense n'kutenga nthawi yochepetsetsa, laputopu italumikizidwa kumagetsi, chifukwa zambiri zimachepetsa liwiro zikakhala pa batire. Tsekaninso zina zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa mwapeza kale yankho la funso limene aphunzitsi ambiri amayamba nalo: "O(n²) imeneyo ndi ya nthawi iti?" Njira yoyamba ili ndi nkhope zingapo. Ngati manambala awiri oyambirira ali ofanana, imatha itayerekeza kamodzi. Ngati palibe kubwereza, imayenda n(n-1)/2 yense. Buku likamanena O(n²) likunena za tsiku loipitsitsa, ndipo pa ntchito iyi tsiku loipitsitsa si lachilendo ayi: ndi tsiku limene mndandanda uli woyera, umene ndi mndandanda womwe aliyense amaufuna. Muwauze zimene zinakuchitikirani ndi `randint`. Musazibise. Wophunzira amene akuti "ndinayeza molakwika, ndipo nachi chifukwa chake" amaonetsa kuti wagwira ntchito ndi manja ake, ndipo ine ndikamapereka malikisi ndimamukweza kuposa wa magalafu osalala.

Tibwere ku njira yachiwiri, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amangoloweza "n log n" osadziwa kumene log wachokera. Manambala akasanjidwa kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, ofanana amakhala moyandikana, ndiye mumangoyenda kamodzi mukuyerekeza aliyense ndi mnansi wake, ka n-1 basi. Mtengo waukulu uli pa kusanjako. Ganizirani mulu wa malisiti patebulo. Mwaugawa pakati, theka lililonse mwaligawanso pakati, mpaka mulu uliwonse watsala ndi lisiti imodzi, yomwe ndi yosanjidwa kale. Kenako mukubwerera: mumatenga milu iwiri yosanjidwa, mumayang'ana lisiti ya pamwamba pa uliwonse, n'kuchotsa yaing'ono, mobwerezabwereza mpaka milu iwiri yasanduka umodzi. Pa gawo lililonse lobwerera, lisiti iliyonse imagwiridwa kamodzi, ndiye ntchito ya gawo limodzi ndi n. Funso latsala ndi loti magawowo ndi angati, ndipo yankho lake ndi loti: mungagawe n pakati kangati musanafike pa 1? Pa 1,000 ndi ka 10. Pa 1,000,000 ndi ka 20 kokha, poti 2 kudzichulukitsa ka 20 ndi 1,048,576. Log ndi ameneyo, palibenso chinsinsi china. Njira yosanja mophatikiza milu iyi anailemba John von Neumann mu 1945, ndipo `sorted` wa Python ndi mdzukulu wake.

Ndiye pa manambala 1,000,000, kusanja kumafuna kuyerekeza pafupifupi ka 20 miliyoni, pomwe njira yoyamba imafuna ka 500 biliyoni. Pa dziko lonse la 17.5 miliyoni, magawo ndi 24 kapena 25, ntchito ndi pafupifupi 420 miliyoni, yomwe pa liwiro lathu loyerekeza lija siikwana mphindi imodzi. Miyezi 6 ndi mphindi imodzi, deta yake yomweyo, kompyuta yake yomweyo. Ndipo mukachulukitsa deta kawiri mumangoonjezera gawo limodzi: 1,000 kuchulukitsa 10 ndi 10,000, pomwe 2,000 kuchulukitsa 11 ndi 22,000. N'chifukwa chake ndinati mupeza choposa 2 pang'ono.

Njira yachitatu ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe mafunso olimba amachokera, komanso manambala a foni a kwathu kuno amaifotokoza bwino kuposa chitsanzo chilichonse cha m'buku. Tiyerekeze kuti muli ndi mabeseni 100 olembedwa 00 mpaka 99. Nambala iliyonse ikabwera, mumayang'ana madijiti ake awiri omaliza n'kuiponya mu beseni lake. Musanaiponye, mumayang'ana m'beseni limenelo lokha ngati mnzake wofanana alimo kale. Mabeseni ena 99 simuwakhudza, chifukwa nambala yofanana singakhale kwina. Lamulo limene limakuuzani beseni ndi limene timalitcha hashi, ndipo `set` imagwira ntchito ndi ganizo limeneli, ngakhale kasungidwe kake m'kati n'kosiyana pang'ono ndi mabeseni anga.

Tsopano tayerekezani kuti wina wasankha madijiti atatu oyambirira m'malo mwa omaliza. Manambala ambiri a m'manja ku Malawi amayamba ndi 099 kapena 088. Pafupifupi onse adzaunjikana m'mabeseni awiri, ena onse ali mbee, ndipo nambala iliyonse yatsopano idzayenera kuyerekezedwa ndi theka la zonse zimene zabwera kale. Mwabwerera ku n² ngakhale mwagula mabeseni. Aphunzitsi akafunsa kuti "kodi `set` ndi O(1) nthawi zonse?", yankho lake ndi limeneli: ayi, ndi O(1) mwa avereji, hashi ikamamwaza bwino, koma zonse zikagwera pamodzi kufufuza kumodzi kumafika O(n), ndipo ntchito yonse imafika O(n²). Kusanja kwa `sorted` kulibe tsiku loipa lotere, n log n ndi denga lake.

Pali msampha wina m'mabeseni momwemo, umene wophunzira wochenjera wa kumbuyo kwa kalasi angakugwireni nawo. Mabeseni akakhala 100 mpaka kalekale, manambala 1,000,000 adzaika 10,000 m'beseni lililonse. Mwachepetsa ntchito ka 100, inde, koma ikukulabe ngati n². Kuti kufufuza kukhale kwachangu, mabeseni ayenera kuchuluka limodzi ndi deta. Python amachita zimenezi yekha: tebulo la `set` likayamba kudzaza, amapanga lina lalikulu kawiri kapena kuposa, n'kusamutsira zonse m'menemo. Kusamukako n'kodula, koma kumachitika mwa apo ndi apo, ndipo nthawi iliyonse mpata wofikira kusamuka kotsatira umatalika. Phatikizani 1,000 ndi 2,000 ndi 4,000 ndi 8,000: mupeza 15,000, yosafika kawiri ka kusamuka komaliza. Choncho mtengo wa kusamuka konse, mukaugawira manambala onse, aliyense amalipira kakang'ono kosasintha. Zili ngati lendi: imapweteka tsiku lolipira, koma mukaiwerengera pa tsiku ndi ndalama yodziwika.

Walira mvula walira matope. Liwiro la `set` mumaligula ndi memore. Pa kompyuta ya masiku ano, mndandanda wa zinthu 1,000,000 umatenga pafupifupi mamegabayiti 8 osawerengera manambala enieniwo, pomwe `set` ya zinthu zomwezo imapitirira mamegabayiti 30, chifukwa imasunga dala malo opanda kanthu. Mutha kuona nokha ndi `sys.getsizeof`. Njira yoyamba ija, yonyozekayo, siifuna malo ena oonjezera ngakhale pang'ono. Ndipo deta ikakula kuposa memore ya makina, kusanja ndi kumene kumapambana, chifukwa mutha kusanja zidutswa, kuzisunga pa disiki, n'kuziphatikiza mukuwerenga mwadongosolo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, pomwe hashi imafuna kudumphadumpha paliponse. Choncho musaime kutsogolo n'kunena kuti njira yachitatu ndi "yabwino koposa". Nenani kuti ndi yachangu koposa deta ikakwana mu memore ndipo hashi ikumwaza bwino. Mawu owonjezerawo ndi amene amatseka pakamwa pa funso lisanafunsidwe.

Chenjezo limodzi pa kodi ya njira yachitatu, poti ndaliona kambirimbiri:

```python
def njira3(a):
    taona = set()
    for x in a:
        if x in taona:
            return True
        taona.add(x)
    return False
```

Mukasintha `set()` kukhala `[]` ndi `add` kukhala `append`, kodiyo imaoneka chimodzimodzi, lupu imodzi yokha, ndipo imapereka yankho lolondola. Koma `x in taona` pa mndandanda wamba amayenda chinthu chimodzichimodzi kuyambira koyamba, ndiye lupu yachiwiri ilipo, yangobisala m'kamawu ka zilembo ziwiri. Ine ndemwe ndinagwapo m'dzenje limeneli. Zaka zapitazo ndinalembera ofesi ina kuno ku Lilongwe kapulogalamu kofananitsa mayina a olipira ndi mndandanda wa mamembala. Poyesa ndi mizere mazana angapo kanathamanga ngati mphezi. Atandipatsa fayilo yeniyeni, ndinapita kukadya nsima, ndinabwerako, kakuzungulirabe. Ndinayamba kuimba mlandu laputopu ya eni ake, mpaka madzulo pamene ndinaona `in` uja. Kusintha mzere umodzi kunathetsa nkhani. Choncho kuwerenga malupu amene akuoneka ndi maso si njira yodalirika yodziwira kukula kwa ntchito. Pa mzere uliwonse dzifunseni kuti mzerewu ukudya ntchito yochuluka bwanji deta ikakula. Kuyesa kochulukitsa kawiri kuja kumaulula bodza limeneli nthawi yomweyo: mukuyembekezera 2, mukupeza 4.

Funso lina limene silephera kubwera ndi la kompyuta yamphamvu. "Bwanji osangogula makina othamanga?" Liyankheni ndi masamu. Makina othamanga ka 10, pa njira ya `set`, amakulolani kugwira deta yochuluka ka 10 mu nthawi yomweyo. Pa njira ya n² amakulolani deta yochuluka katatu ndi pang'ono basi, chifukwa 3.16 kudzichulukitsa ndi 10. Kuti mugwire deta yochuluka ka 10 mungafune makina othamanga ka 100. Liwiro la makina limachulukitsa kapena kugawa nthawi ndi chiwerengero chokhazikika, koma silisintha kapindikidwe ka mzere pa galafu.

Izi zikutifikitsa pa tanthauzo lenileni la O wamkuluyo, limene muyenera kulidziwa pamtima ngakhale musaliike pa silaidi. Tikati f(n) ndi O(g(n)), tikutanthauza kuti pali chiwerengero c ndi poyambira n₀ moti f(n) ≤ c·g(n) pa n aliyense kuyambira pa n₀ kupita mtsogolo. Pa chitsanzo chanu, n(n-1)/2 saposa theka la n² pa n aliyense, ndiye c = 1/2 ndi n₀ = 1 zakwana. Akakufunsani chifukwa chimene mwataya n/2 uja, onetsani kuti pa n = 1,000 nkhani ndi 500,000 kuchotsa 500, ndipo n akamakula kachidutswako kamazimiririka. Koma samalani ndi chinthu chimodzi. O ndi denga chabe. Kunena kuti njira ya kusanja ndi O(n²) si bodza, monganso si bodza kunena kuti ulendo wochokera ku Kawale kupita ku Biwi suposa makilomita 500. Mukafuna kunena kuti ntchito imakula ndendende ngati n², osaposa komanso osachepera, chilembo chake ndi Θ. Chilembo cha O chinachokera kwa akatswiri a masamu a ku Germany, Paul Bachmann mu 1894 kenako Edmund Landau, ndipo Donald Knuth ndi amene mu 1976 analimbikitsa anthu a makompyuta kugwiritsa ntchito Θ ndi Ω m'njira imene timaphunzitsira lero. Aphunzitsi ena salabadira kusiyanaku, ena amadikira pomwepo ngati mphaka pa una wa mbewa. Inu nenani kuti "pa tsiku loipitsitsa njira yoyamba ndi Θ(n²)", simudzalakwa kwa aliyense.

Chiwerengero c chija, chimene O amachibisa, chili ndi mano pa deta yaing'ono. Tiyerekeze njira ina imadya masitepe 100n, ina n²/2. Zimakumana pa n = 200 ndendende, ndipo pansi pa 200 ya n² ndi imene imapambana. Izi si nthano za m'kalasi. Timsort, njira yosanjira imene Tim Peters analembera Python mu 2002, pa tizidutswa tating'ono ta zinthu zosafika 64 imagwiritsa ntchito kusanja kolowetsa chimodzichimodzi, kumene ndi kwa n², chifukwa pa kukula kumeneko n'kopepuka kuposa kugawa ndi kuphatikiza. Ngati wina afunsa kuti "ndiye n² ndi yoipa nthawi zonse?", muli ndi yankho lokhala ndi dzina ndi chaka.

Mu mayeso anu muli c wina wobisika amene ndi bwino mumutchule nokha asanakutchulireni. `sorted` ndi `set` analembedwa mu chinenero cha C, pomwe malupu anu awiri akuyenda mu Python, amene ndi wochedwa kwambiri pa sitepe iliyonse. Munthu wachilungamo anganene kuti mpikisanowu ndi wokondera. Akunena zoona, ngati mukuyerekeza masekondi a njira ina ndi a inzake. N'chifukwa chake ndakuuzani kuti muyerekeze njira iliyonse ndi iyo yomwe: 4 uja adzakhala 4 kaya mwalemba mu C, mu Java kapena mu Python. Ngati muli ndi nthawi, ikani kauntala m'kati mwa lupu kuti muwerenge kuyerekeza kwenikweni, muonetse kuti pa n = 2,000 ikupereka 1,999,000, monga momwe n(n-1)/2 akunenera. Masamu ndi makina zikagwirizana mpaka dijiti yomaliza, palibenso chotsutsa.

Mwina adzafunsanso ngati pali njira yoposa O(n). Palibe, ngakhale mndandanda utasanjidwa kale, chifukwa kuti munene kuti mulibe kubwereza muyenera kuona nambala iliyonse kamodzi. Imene simunaione ikhoza kukhala mapasa a ina.

Za mphindi 10 zanu, musayese kulowetsamo zonse ndalembazi. Ine ndikanayamba ndi moni wa pa chinkhoswe, kenako mizere isanu ya nthawi, kenako milu ya malisiti ndi mabeseni, n'kumaliza ndi zotsatira za mayeso anu pamodzi ndi nkhani ya `randint`. Zina zonse zikhale m'thumba, zodikira mafunso. Galafu ikakhala imodzi yokha, dziwani kuti mizere ya kusanja ndi ya `set` idzagona pansi ngati yafa, yoyamba ikukwera kumwamba. Kuti yonse ioneke gwiritsani ntchito `plt.loglog` wa Matplotlib. Pamenepo njira iliyonse imakhala pafupifupi mzere woongoka, ndipo kutsetsereka kwake ndi kumene kumanena nkhani: 2 pa njira yoyamba, pafupi ndi 1 pa zinazo. Musayendetse kodi ya maola pamaso pa anthu. Yezani kunyumba, bweretsani zotsatira, ndipo ngati mukufuna kuonetsa china chamoyo, 4,000 ndi 8,000 zikukwanira, kalasi iwerenge masekondi mokweza.

Kanthu kena kakang'ono, popeza mwasankha manambala a foni: pa deta yeniyeni munthu mmodzi amalembedwa pena ndi 0 kutsogolo, pena ndi +265, ndipo Excel amakonda kudya 0 woyambayo. Njira zanu zitatu zonse zidzati amenewa ndi anthu osiyana. Akakufunsani, nenani kuti manambala ayenera kuyamba akonzedwa kuti alembedwe mofanana, ndipo kukonzako ndi ulendo umodzi wa O(n) umene susintha chilichonse pa zimene mwafotokoza. Musagwiritse ntchito manambala enieni a anthu pa silaidi, opanga nokhawo ndi okwanira.

Mukasintha kupita ku `random.sample` koma njira yoyamba ikupatsabe chiwerengero chotalikirana ndi 4, kapena ya `set` ikupatsa 4, ndiye kuti mu kodi muli china chimene sindingachione ndili kuno. Musalimbane nacho nokha mpaka usiku wa Lachitatu. Pitani nayo laputopuyo kwa aphunzitsi anu kapena kwa wa chaka chachinayi amene mumamukhulupirira, pofika Lachiwiri, muwaonetse kodi ndi zotsatira zonse. Mukafika kwa aphunzitsiwo mufunsenso chinthu chimodzi: kodi akufuna umboni wa masamu wa n log n, uja woyambira pa T(n) = 2T(n/2) + n, kapena kufotokoza kwa milu ya malisiti n'kokwanira? Ngati akufuna umboniwo, jambulani mtengo wa magawo pa bolodi, mulembe n pambali pa gawo lililonse, muwerenge magawowo, ndipo muchotse silaidi imodzi kuti nthawi ikukwaneni.